Dongo lofewa la m'dambo: kupima ndi veni pamalopo, kutumiza sampulo ku labu, kapena kukhoma chitsulo?

Aliyense amene akufuna kuthira mtumbira wa msewu, wofikira pa mlatho kapena wa damu laling'ono m'madambo a ku Linthipe kapena kunsi kwa mapiri ku Golomoti ndi Mtakataka, amakumana ndi dothi losanja pawiri. Pamwamba pali makande amene mu Okutobala amauma gwa, n'kuchita ming'alu yolowa dzanja. Pansi pake, madzi akayamba kuoneka, nthawi zina pamakhala dongo lotuwa lomwe chala chimalowa popanda kukakamiza. Mtumbira ukamagwa, umagwera pa dongo lapansilo.

Pa dongo lotere timafuna manambala awiri. Yoyamba ndi mphamvu yomwe dongolo lili nayo lisanasokonezedwe, katundu akaikidwa mofulumira madzi a m'kati mwake asanapeze potulukira. Yachiwiri ndi mphamvu yotsala dongolo likakandidwa, madzi ake ali omwe aja. Mukagawa yoyamba ndi yachiwiri mumapeza sensitiviti. Amene anapondapo matope a njerwa akudziwa kale nkhaniyi: dothi lomwe limakunyamulani poyamba, mukalipondaponda limayamba kukumezani mapazi, ngakhale simunathiremo madzi ena. Dongo lina limafooka pang'ono, lina limataya pafupifupi mphamvu yonse.

Njira zopimira zilipo zingapo, ndipo sizifanana pa zimene zingakuuzeni.

Veni yaikulu ya pamalopo

Veni ndi timapeni tinayi tachitsulo, topyapyala ngati mamilimita 2, towotcherera pa ndodo mopingasana ngati mtanda. Kutalika kwake kumakhala kawiri kuposa m'lifupi, ndipo yodziwika kwambiri ndi ya mamilimita 65 m'lifupi ndi 130 m'litali. Inayambira ku Sweden, ndipo ntchito ya Cadling ndi Odenstad ya mu 1950 ndi yomwe inakhazikitsa kapimidwe kamene tikutsatira lero. Malamulo ake muwapeza mu ASTM D2573 ndi mu BS 1377 gawo 9.

Ngati mwabowola dzenje, veni muikankhire pansi pa dzenjelo mtunda wosachepera kasanu m'lifupi mwa dzenje. Pa dzenje la mamilimita 100, ndiye kuti theka la mita. Dothi la pafupi ndi pansi pa dzenje lavundulidwa kale ndi oga, ndipo likhoza kukunamizani. Kankhani molunjika, kamodzi, osakhoma ndi hamala komanso osapotokola. Kenako yambani kuzungulira pasanathe mphindi 5. Mukachedwa, madzi amene anapanikizidwa polowetsa veni amayamba kuchoka, dongo lozungulira timapeni limalimba, ndipo nambala imakwera.

Liwiro lozungulira ndi madigiri 6 pa mphindi. Imeneyi ndi pang'onopang'ono kwambiri, mofanana ndi muvi wa mphindi pa wotchi, n'chifukwa chake makina abwino amakhala ndi magiya ndi chogwirira chopukusa. Geji imakwera, imafika pachimake, kawirikawiri pakati pa mphindi 2 ndi 5, kenako n'kuyamba kutsika. Pachimake paja dongo ladulika mozungulira, ngati chitini chokhala ndi makulidwe a veniyo. Lembani nambalayo.

Tsopano masulani magiya ndi kuzunguliza ndodo ndi manja mofulumira, maulendo 10, kuti dongo la pa mzere wodulika uja likandike bwinobwino. Pasanathe mphindi imodzi bwezerani magiya ndi kupimanso pa liwiro lomwe lija. Apa anthu ambiri amapumira, mwina kusuta kaye kapena kuyankha foni, ndipo si bwino. Dongo lokandidwa likasiyidwa limayamba kugwirananso lokha, ndiye nambala yachiwiri imakwera ndipo sensitiviti imaoneka yochepa kuposa mmene ilili.

Kusintha mphamvu yopotokola kukhala mphamvu ya dongo, pa veni yomwe kutalika kwake ndi kawiri m'lifupi, timagwiritsa ntchito izi:

```
su = 6T / (7 π D³)
St = su / sur
```

Apa su ndi mphamvu ya dongo lisanasokonezedwe, St ndi sensitiviti, T ndi mphamvu yopotokola mutachotsa ya kukhulana kwa ndodo ndi dothi, D ndi m'lifupi mwa veni, ndipo sur ndi mphamvu ya dongo lokandidwa. Pa veni ya 65 ndi 130 masamu amakoma: N·m imodzi pa geji imapereka pafupifupi kPa imodzi. Onaninso kuti D wachulukitsidwa katatu. Veni ikaperepeseka ndi milimita imodzi yokha, inu n'kumawerengerabe 65, mwalakwitsa ndi pafupifupi 4.5 peresenti. Ndi bwino kuiyeza ndi kalipa musanapite ku dambo, ndipo ngati peni limodzi lapindika, ibwezeni.

Chitsanzo: mtumbira wa mamita 3 wofikira pa kalavati

Tiyerekeze kuti msewu wadothi ukuwoloka dambo, ndipo pulani ikufuna mtumbira wa mamita 3. Manambala otsatirawa ndi ongoyerekeza, koma ndi a mtundu womwe dongo lofewa limapereka.

Pa kuya kwa mamita 3, geji yafika pa 24 N·m. Mutakanda, yawerenga 9. Koma si zonsezi zachokera ku veni. Ndodo nayo ikukhulana ndi dongo pozungulira, ndipo mutaiyeza payokha mwapeza 3. Ndiye mphamvu yeniyeni ndi 21 kPa, yotsala ndi 6 kPa, sensitiviti ndi 3.5. Mukanaiwala ndodo mukanalemba 24 kugawa ndi 9, yomwe ndi 2.7. Kusiyana kulipo, koma sikungasinthe pulani.

Pa mamita 6 nkhani ndi ina. Ndodo yatalika, kukhulana kwafika pa 5. Geji yawerenga 29 pachimake ndi 8 mutakanda. Mukachotsa 5 mumatsala ndi 24 ndi 3, sensitiviti 8. Mukapanda kuchotsa, 29 kugawa ndi 8 ndi 3.6. Pa mndandanda wa Skempton ndi Northey wa mu 1952, pakati pa 2 ndi 4 ndi dongo lofooka mwapakatikati, pakati pa 4 ndi 8 ndi lofooka msanga, pakati pa 8 ndi 16 ndi lofooka kwambiri, ndipo kupitirira 16 ndi lija limasanduka phala. Munthu amene sanachotse ndodo walemba dongo loopsa m'gulu la dongo wamba, chonsecho masamu ake onse ndi oona.

Apa ndi pamene ndimaona kuti veni imalakwiridwa kwambiri. Kukhulana kwa ndodo kumakhudza nambala yoyamba pang'ono, koma pa nambala yachiwiri kukhoza kuposa theka la zimene geji ikuonetsa. Ngakhale mutachotsa, kuphonya ndi N·m imodzi yokha kumapereka 25 kugawa ndi 4, pafupifupi 6, kapena 23 kugawa ndi 2, kuposa 11. Pali njira zitatu zothanirana nazo. Ndodo ikhoza kuyenda m'kati mwa paipi yoiteteza kuti isakhudze dothi. Pakhoza kukhala cholumikizira cholowa manja pamwamba pa veni, chomwe chimalola ndodo kuzungulira yokha madigiri angapo isanagwire veni, ndipo zimene geji ikuwerenga pa nthawiyo ndiye kukhulana kwa ndodo pa kuya komweko. Ngati zonsezi palibe, kankhani ndodo yopanda veni pambali, kufika pa kuya komweko, n'kuipima. Ine ndimakonda cholumikizira chija chifukwa chimakulolani kuyezanso mutatha kukanda, ndipo kukhulana kumakhala kutasintha poti dongo la m'mbali mwa ndodo nalo lakandika. Pa dongo lofewa chonchi veni yokulirapo, ya 75 ndi 150, imathandizanso: kPa imodzi imafuna 1.55 N·m, ndiye gawo la ndodo limachepa.

Tibwerere ku mtumbira. Dothi lothira lopondedwa bwino limalemera pafupifupi 19 kN pa kiyubiki mita, ndiye mamita 3 akupanikiza pansi ndi 57 kPa. Pongoyerekeza mwachangu, dongo limanyamula pafupifupi mphamvu yake kuchulukitsa ndi 5.14. Koma 21 kPa ija musaigwiritse ntchito momwe ilili. Mu 1972 Laurits Bjerrum, yemwe ankagwira ntchito ku Norway, anafufuza mitumbira yomwe inagwa ngakhale masamu a veni ankati ili bwino, ndipo anapeza kuti veni imakokomeza mphamvu ya dongo lonanda kwambiri. Chifukwa china n'chakuti veni imadula dongo m'mphindi zochepa pamene mtumbira umalikankha kwa masiku. Kunanda kumayezedwa ku labu ndi nambala yotchedwa PI. PI ikakhala pafupi ndi 20 simuchotsa kanthu, ikakhala 50 mumachulukitsa ndi pafupifupi 0.8, ikafika 100 ndi pafupifupi 0.6.

Tinene kuti PI ya dongo lathu ndi 50. Mphamvu yowerengera ndi 16.8 kPa, ndipo dongolo linganyamule 86 kPa. Kugawa ndi 57 kukupereka 1.5, kutanthauza kuti dongolo linganyamule katunduyo kuchulukitsa ndi 1.5, zomwe n'zovomerezeka. Kontirakitala akati tikweze kufika mamita 4 kuti madzi a mu Febuluwale asadutse pamwamba, katundu akhala 76 kPa ndipo nambala ija yatsikira pa 1.1. Pamenepo mwaima m'mphepete mwa phompho.

Nanga sensitiviti ikulowa pati? Siilowa mu masamu amenewa. Imakuuzani zimene zichitike zinthu zikayamba kusokonekera. Ngati dongo la pa mamita 3 litakandika, 6 kPa kuchulukitsa ndi 5.14 ndi 31 kPa, yomwe ndi mtumbira wa pafupifupi mita imodzi ndi theka basi. Choncho mtumbira ukangoyamba kutsetsereka, mzere wotsetserekawo umafooka, katundu amasamukira ku dongo loyandikana nalo, nalonso n'kufooka. Kugwa kumakhala kwadzidzidzi ndipo kumapita patali. Ndiponso simungangothira dothi lina pamalo pomwe pagwapo, chifukwa pansi pake patsala 6 osati 21. Sensitiviti ikakwera, mumapewa kukhoma zipilala pafupi ndi phazi la mtumbira, simulola esikaveta kukumba ngalande pomwepo, ndipo katapila sayenda mobwerezabwereza pamwamba pa dongo lopanda chophimba.

Wina asachite mantha ndi nkhani za ku Rissa ku Norway mu 1978, kapena Saint-Jean-Vianney ku Canada mu 1971, kumene dothi linayenda ngati madzi n'kutenga nyumba. Dongo la kumeneko linadikha m'nyanja yamchere madzi oundana atasungunuka, kenako madzi a mvula anatsuka mcherewo pang'onopang'ono. Madambo athu sanapangike chotero. Komabe sensitiviti ya 4 kapena 6 ndi yokwanira kugwetsa ntchito ya chaka chonse.

Pamene veni imanama

Veni ndi ya dongo lofewa, lonyowa, losalala. Ikakumana ndi kamzere ka mchenga, zomwe n'zofala m'zigwa momwe mtsinje umasuntha njira, madzi amatuluka pamene mukupima ndipo nambala imakwera popanda tanthauzo. Mizu ya bango ndi ya udzu wa m'dambo imakoledwa pa timapeni ndipo imakoka ngati zingwe. Kamwala kamodzi kakhoza kuwirikiza nambala. Mumadziwa ndi dzanja ndi diso: muvi wa geji umadumphadumpha m'malo mokwera mosalala, chogwirira chimamveka kukhekhereza, kapena nambala imodzi imasiyana kwambiri ndi ya pamwamba ndi ya pansi pake. Nambala yoteroyo ilembeni, ikani chizindikiro, koma musaiwerengere.

Pa makande a pamwamba samalaninso. Dothi limeneli lili ndi ming'alu, ndipo likamagwa limatsata ming'aluyo, pamene veni imadula chibuma chathunthu pakati pa ming'alu. Kuwonjezera apo, mphamvu yomwe mwapeza mu Okutobala si yomwe idzakhalepo mvula ikagwa miyezi iwiri. Mukakanda dothi lolimba chonchi pamatsala mpata mozungulira veni, timapeni timazungulira m'malere, ndipo sensitiviti imatuluka yaikulu yabodza.

Chinanso: magawo asanu ndi limodzi mwa asanu ndi awiri a mphamvu yopotokola amachokera m'mbali mwa chitini chija. Ndiye kuti veni imapima makamaka mzere woimirira, pamene mtumbira umatsetsereka pa mzere wopindika womwe mbali ina ndi yogona. Kuchotsera kwa Bjerrum kumaphimbako zimenezi.

Kaveni ka m'manja

Kameneka n'kotchipa, kamalowa m'chikwama, ndipo m'dzenje lokumba ndi fosholo kamagwira ntchito yabwino. Timapeni take ndi ta mamilimita 19 kapena 33 m'lifupi pa mtundu wina wodziwika, ndipo ndi ndodo zowonjezera mungafike mamita awiri kapena atatu. Vuto ndi dzanja. Palibe amene angapotokole madigiri 6 pa mphindi ndi dzanja, ndiye dongo limadulika m'masekondi ochepa ndipo nambala imakwera. Kuchepa kwake kukutanthauzanso kuti kamuzu kamodzi kamasokoneza zambiri. Pa nambala yachiwiri ndiye kamalephereratu: 3 kPa ili m'munsi mwenimweni mwa geji yake, pomwe muvi sunayambe n'kusuntha bwino. Nkabwino pofufuza kuti dongo lofewa layambira pati ndi kuthera pati m'litali mwa msewu. Sensitiviti yochokera ku kameneka sindingaike mu lipoti.

Sampulo ya m'chubu kupita ku labu

Ubwino wa njira iyi ndi woti dothi mumaliona ndi maso, ndipo PI yomwe tagwiritsa ntchito pamwambapa simungaipeze kwina koma ku labu. Ku labu amadula sampulo, n'kuipanikiza mpaka kuphwanyika, ndipo theka la mphamvu yophwanyira ndiye su. Kenako amaikanda m'thumba lapulasitiki kuti madzi asachoke, n'kupimanso.

Chovuta ndi ulendo. Chubu chikankhidwa pansi, chizulidwa, chitsekedwa ndi phula, kenako chikwera galimoto pa msewu wa mabampu kuchoka kudambo kukafika pa M1, n'kupitirira ku Lilongwe. Dongo lomwe limafooka likagwedezeka ndi lomwenso limavulala kwambiri pa ulendo wotere. Dongo lathu la 21 kPa likhoza kufika ku labu likuonetsa 14. Lokandidwa silisintha ndi ulendo, poti lakandidwa kale, ndiye sensitiviti imatsika. Machubu okhuthala okhomedwa ndi hamala amawononga koposa. Ngati mukufuna mphamvu, pamafunika chubu chopyapyala chokankhidwa mosalala, chonyamulidwa choimirira pa siponji.

Koma pa nambala yachiwiri labu imaposa veni. Kukanda ndi manja kumafika paliponse, pamene veni imakanda kamzere kopyapyala, ndipo ku labu kulibe ndodo yokhulana. Dongo lokandidwa likafewa moti silingaime lokha, amagwiritsa ntchito kachitsulo kosongoka kogwetsera pa dongo, kolemera magalamu 80 kapena 60, n'kuyeza mmene kalowera. N'chifukwa chake sensitiviti ya ku labu, sampulo ikakhala yabwino, nthawi zambiri imaposa ya veni. Manambala awiriwa musawasakanize pa tebulo limodzi popanda kulemba kuti iyi yachokera kuti.

Labu imakupatsaninso njira yotchipa yotsimikizira. Dongo lililonse lokandidwa likakhala ndi madzi ofika pa malire oyambira kuyenderera, omwe pa fomu amalemba LL, mphamvu yake imakhala pafupi ndi 2 kPa. Ndiye ngati madzi a mu sampulo ya pa mamita 6 ali pafupi ndi LL, 3 kPa ija ya veni ndi yomveka. Ngati ali kutali m'munsi mwa LL koma veni ikuti 3, kaonenso: mwina panatseguka mpata. Pa izi simufunika chubu, kathumba kotsekedwa bwino n'kokwanira.

Zokankha ndi zokhoma

CPT ndi chitsulo chosongoka cha madigiri 60 chokankhidwa pansi pa liwiro la mamilimita 20 pa sekondi, chikuwerenga mosalekeza. Kamzere ka mchenga kapena ka dongo lofewetsetsa komwe veni ingakadumphe, poti veni imapima pa theka la mita kapena mita iliyonse, CPT imakaona. Koma siipima su mwachindunji. Mumachotsa kupanikiza kwa dothi la pamwamba pa zimene nsonga yake yawerenga, n'kugawa ndi nambala yotchedwa Nkt, yomwe imakhala pakati pa 10 ndi 20 malinga ndi dongo, ndipo kusankha 12 kapena 18 kumasintha yankho ndi theka. Njira yodziwira Nkt ya dambo lanu ndi kupima ndi veni pambali pake. Kukhulana kwa m'mbali mwa chitsulocho kumayandikira mphamvu ya dongo lokandidwa, koma pa dongo lofewa kwambiri nambalayo imachepa moti siidalirika. Makinawo ndi olemera komanso odula kubweretsa, ndiye amayenera msewu wautali wowoloka chigwa, osati kalavati imodzi.

SPT ndi DCP ndi zomwe zimapezeka msanga, n'chifukwa chake zimagwiritsidwa ntchito ngakhale pomwe siziyenera. Pa SPT mumakhoma chubu pansi pa dzenje ndi hamala ya makilogalamu 63.5 yogwa mamilimita 760, n'kuwerenga kuti yamenya kangati. M'dongo la 20 kPa mupeza 1 kapena 2, mwinanso ndodo zimangomira ndi kulemera kwake. Dongo la 10 kPa ndi la 25 kPa onse alembedwa chimodzimodzi, chonsecho lina linyamula mtumbira wathu ndipo lina ayi. DCP, ndodo yosongoka yokhomedwa ndi hamala ya makilogalamu 8, inapangidwira dothi la pansi pa msewu, ndipo m'dambo imangokuuzani kuti makande olimba athera pati. Zonse ziwiri sizinena kanthu za sensitiviti.

Ndiye pa kalavati yathu ija?

Ndikanayamba ndi oga ndi kaveni ka m'manja m'litali mwa dambo, kuti ndidziwe pomwe dongo lofewa lazama kwambiri ndi pomwe pali mchenga. Pamalo oipitsitsawo, ndi pa mbali zonse ziwiri za kalavati, ndikanaika veni yaikulu, kupima pa mita iliyonse mpaka kufika pa dothi lolimba, manambala atatu pa kuya kulikonse: pachimake, mutakanda, ndi ndodo. Pambali pake timathumba ta sampulo topimira madzi a m'dothi, LL ndi PI. Lipoti likabwera lopanda mzere wa ndodo, kapena losatchula kukula kwa veni ndi liwiro, libwezeni, chifukwa sensitiviti yake simungaitsimikize.

Ngati mamita 4 aja akufunikadi, thirani mamita 2.5 kaye n'kusiya. Dongo likamafinyika ndi katunduyo madzi amatuluka ndipo mphamvu imakwera, koma liwiro lake veni siingakuuzeni pasadakhale. Zimenezo ndi kuchuluka kwa kutitimira zimafuna sampulo ya m'chubu ndi mayeso ena a ku labu. Chomwe veni ingachite ndi kubwereranso. Bowolani kudutsa mtumbira, mamita awiri kuchoka pomwe munapima poyamba kuti musagwere m'dongo lomwe munakanda kale, ndi kupima pa kuya komwe kuja. Kuti mamita 4 akhale ndi 1.5, dongo la pa mamita 3 liyenera kuwerenga pafupifupi 28 kPa pa veni musanathire gawo lachiwiri.